Mizere isanu imene fomula inaidumpha

Chakumapeto kwa chaka cha 2012, wophunzira wina wa za chuma pa yunivesite ya Massachusetts Amherst ku America, dzina lake Thomas Herndon, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi imene inkaoneka ngati yosavuta. Aphunzitsi ake anauza ophunzira kuti aliyense asankhe kafukufuku wotchuka, atenge manambala ake, awerengetsere yekha n'kuona ngati angapeze yankho lomwe eni ake anapeza. Herndon anasankha pepala limene akatswiri awiri, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa mu 2010. Pepalali linkanena za ngongole za maboma m'maiko 20 olemera kuyambira mu 1946 mpaka 2009, ndipo mfundo yake imene inamveka kutali inali yakuti ngongole ya boma ikaposa 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pa chaka, chuma chimasiya kukula. Avereji imene anapeza inali -0.1 peresenti, kutanthauza kuti chuma chimabwerera m'mbuyo pang'ono.

Nambala imeneyi inayenda. Andale a ku America ndi ku Ulaya amene ankafuna kuti maboma achepetse ndalama zogwiritsa ntchito ankaitchula, kuphatikizapo Paul Ryan wa m'nyumba ya malamulo ya America ndi Olli Rehn amene ankayang'anira za chuma ku bungwe la maiko a ku Ulaya.

Herndon anayesa kwa miyezi ingapo koma yankho lake silinkafanana ndi lawo. Poyamba ankaganiza kuti wolakwitsa ndi iyeyo. Mu Epulo 2013, atawalembera kalata, eni kafukufukuwo anamutumizira fayilo ya Excel imene anagwiritsa ntchito. Pa tsamba limene ankaphatikizirapo zonse, maiko 20 aja anali atandandalikidwa kuyambira pa mzere 30 mpaka mzere 49. M'munsi mwake munali selo ya avereji, ndipo mkati mwa seloyo munali fomula iyi:

```
=AVERAGE(L30:L44)
```

Fomulayi inkayenera kuthera pa `L49`. Inathera pa `L44`, choncho maiko asanu a m'munsi, Denmark, Canada, Belgium, Austria ndi Australia, sanalowe m'chiwerengero. Kompyuta sinadandaule, chifukwa inachita ndendende zimene inauzidwa. Yankho linatuluka laukhondo, lokhala ndi kadontho pamalo pake, ndipo linakhala zaka zitatu popanda wolitsutsa ndi umboni.

Apa ndi pamene pagona vuto la sipuredishiti, lija tsamba la timabokosi la mu Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets. Selo iliyonse ili ndi nkhope ziwiri. Kunja imaonetsa yankho, pomwe mkati imasunga lamulo lopezera yankholo, kapenanso simukhala lamulo lililonse koma nambala imene munthu anangolemba ndi dzanja. Pa sikirini ndi pa pepala losindikiza zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Odita wa sipuredishiti ntchito yake yoyamba ndi kusiya kuyang'ana mayankho n'kuyamba kuwerenga malamulowo.

Pa nkhani ya Reinhart ndi Rogoff pali china chimene ambiri poisimba amachidumpha. Mwa maiko asanu osiyidwa aja, ndi Belgium yokha imene inali ndi nambala m'kolamu ya ngongole yoposa 90 peresenti, ndipo chuma chake chinkakula ndi 2.6 peresenti pa zaka zimenezo. Kukonza fomula kokha kunakweza avereji ndi pafupifupi 0.3 basi. Pa tsamba lomwelo panalinso cholakwika cha mtundu wina: nambala ya New Zealand, imene pa tsamba la dzikolo inali -7.6, inasanduka -7.9 poikopera pa tsamba lophatikizira. Zotsalazo zinachokera ku zosankha za eni kafukufuku. Zaka zina zoyambirira pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse sizinaphatikizidwe ku Australia, Canada ndi New Zealand, moti New Zealand inatsala ndi chaka chimodzi chokha, 1951, chimene chuma chake chinagwa kwambiri. Chaka chimodzicho chinapatsidwa mphamvu yofanana ndi zaka 19 za Britain. Herndon ndi aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, atawerengetsera zonse mwa njira yawo anapeza 2.2 peresenti m'malo mwa -0.1. Reinhart ndi Rogoff anavomera kuti fomula inalakwika, koma anakana kuti anasiya manambala mwadala, ndipo anapitiriza kunena kuti ngongole yaikulu imayendera limodzi ndi chuma chokula pang'onopang'ono. Mkangano wa mfundo yomalizayi ndi wa akatswiri a za chuma. Kwa odita, phunziro lake ndi lakuti fayilo imodzi ikhoza kudwala matenda angapo nthawi imodzi, ndipo amene wapeza oyamba asafulumire kutseka kompyuta.

Zolakwika zotere sizifuna yunivesite. Tingoyerekeza kalabu ya alimi a soya imene mlembi wake amasunga zonse mu Excel. Kolamu `A` ili ndi maina, `B` makilogalamu amene aliyense wabweretsa, `C` mtengo wa kilogalamu, umene tiuike pa K1,000, ndipo `D` ndalama zimene mlimi akuyenera kulandira. Selo `F2` imaonetsa ndalama zonse zoti msungichuma akatape ku banki. Tsiku lolipira likuyandikira, ndipo `F2` ikuti K11,200,000. Malisiti a pa sikelo akuti soya yense ndi makilogalamu 12,830. Munthu wodziwa masamu a pulayimale aona kale kuti pa mtengo wa K1,000 ndalama zikuyenera kukhala K12,830,000. Pakusowa K1,630,000, ndipo palibe waba kalikonse.

Chinthu choyamba chimene odita amachita sichikhudza fomula ayi. Amakopera fayilo n'kuipatsa dzina lina, kuti yoyambayo ikhale umboni wosakhudzidwa. Kenako amafunsa funso limene fayilo singayankhe yokha: alimi alipo angati? Buku la kalabu likuti 46. Nambala imeneyi pamodzi ndi makilogalamu a pa malisiti ndi zofunika kwambiri chifukwa zachokera kunja kwa kompyuta. Sipuredishiti ikhoza kugwirizana ndi iyo yokha mwangwiro koma ili yolakwika.

Akatero amavundukula mafomula onse nthawi imodzi. Mu Excel muli batani lotchedwa `Show Formulas` pansi pa `Formulas`, ndipo pa kiyibodi amadina `Ctrl` pamodzi ndi kachizindikiro kamene pa makiyibodi ambiri kamakhala pansi pa `Esc`, kumanzere kwa 1. Tsamba lonse limasintha: pamene panali mayankho pamaoneka malamulo. Mu `F2` mukupezeka izi:

```
=SUM(D2:D41)
```

Kuchokera pa mzere 2 mpaka 41 ndi alimi 40. Maina m'kolamu `A` akufika pa mzere 47. Alimi asanu ndi mmodzi analowa mochedwa, mlembi anawalemba m'munsi mwa anzawo monga aliyense angachitire, koma fomula inatsalira pamene inathera tsiku limene inalembedwa. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Munthu akalowetsa mzere watsopano pakati pa mizere imene fomula ikuwerenga kale, pulogalamu imakulitsa malirewo yokha. Akalemba kunsi kwa mzere womaliza, malo amenewo ali kunja kwa malire. Nthawi zina Excel imadzikulitsira, nthawi zina ayi, ndipo chinthu chochita mwa apo ndi apo chotere n'choopsa kuposa chimene sichichita n'komwe, chifukwa chimazolowetsa anthu kusayang'ana.

Amene sakonda kuwerenga zilembo ndi manambala a maselo akhoza kuona malirewo ndi maso. Akadina pa selo ya fomula kenako batani la `F2` la pa kiyibodi, pulogalamu imajambula mpanda wa mtundu kuzungulira maselo onse amene fomulayo ikuwerenga. Akatsika ndi mawusi amaona pamene mpandawo wathera, ndipo ngati kunsi kwake kukadali manambala, funso layankhidwa. `Trace Precedents` imachita zofanana pogwiritsa ntchito mivi, ndipo mnzake `Trace Dependents` amayankha funso lotembenuza: selo iyi ikuwerengedwa ndi fomula iti? Odita wochenjera amayesa zimenezi pa mzere womaliza wa kolamu iliyonse ya ndalama. Selo ya ndalama imene palibe fomula ikuiwerenga ndi ndalama yotayika.

Alimi asanu ndi mmodzi aja anabweretsa makilogalamu 1,500, ndalama zake K1,500,000. Fomula itakonzedwa kuti ithere pa `D47`, `F2` ikuonetsa K12,700,000. Anthu ambiri amalekera pompa, atasangalala kuti agwira chilombo. Koma pakusowabe K130,000.

Njira yotsatira ndi kuwerenga mitu. Odita amalemba mafomula awiri pa malo opanda kanthu:

```
=COUNTA(A2:A47)
=COUNT(B2:B47)
```

Yoyamba imawerenga maselo onse amene muli chinachake, ndipo ikupereka 46. Yachiwiri imawerenga maselo amene muli manambala enieni okhaokha, ndipo ikupereka 45. Pali mlimi mmodzi amene makilogalamu ake akuoneka ndi maso koma kompyuta sikuwatenga ngati nambala. Mu `B23` muli 250, koma wakhala kumanzere kwa selo pomwe anzake onse ali kumanja. Ndi nambala imene inasungidwa ngati mawu. Zimenezi zimachitika kawirikawiri manambala akakoperedwa kuchokera m'meseji ya pa foni, mu PDF kapena m'sitetimenti ya ku banki, kapenanso selo ikakhala kuti inakonzedwa kale kuti izilandira mawu.

Nambala yotereyi ndi yachinyengo mwapadera. `SUM` ndi `AVERAGE` zimaidumpha mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse, choncho makilogalamu onse mu `B` akuoneka ngati 12,580 m'malo mwa 12,830. Koma fomula yochulukitsa ya pa mzere womwewo, `=B23*C23`, imaitembenuza kukhala nambala n'kupereka K250,000 molondola. Ndiye kuti kolamu imodzi ikumuwerenga mlimiyo, ina ikumusiya. Kuilembanso nambalayo, pambuyo posintha mtundu wa selo kukhala `General` kapena `Number`, kumathetsa vutoli, ndipo makilogalamu tsopano akugwirizana ndi malisiti.

Ndalama zija sizinasinthe, K130,000 ikusowabe. Apa odita amawerengetsera yankho lomwelo podzera njira ina imene sidutsa m'kolamu `D` konse:

```
=SUMPRODUCT(B2:B47,C2:C47)-SUM(D2:D47)
```

Mbali yoyamba imachulukitsa makilogalamu ndi mtengo mzere ndi mzere n'kuphatikiza zonse. Mbali yachiwiri imaphatikiza zimene zili kale mu `D`. Zonse zikanakhala bwino yankho likanakhala 0. Likubwera 130,000, kutanthauza kuti vuto lili mkati mwa `D`, m'maselo amene sakuchita zimene mutu wa kolamu ukunena.

Kolamu ya mafomula imayenera kukhala lamulo limodzi lobwerezedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Choncho funso si lakuti kodi fomula iliyonse ndi yolondola, koma ndi iti imene ikusiyana ndi inzake. Excel ili ndi chida cha ntchito imeneyi chimene anthu ambiri, ngakhale amene akhala m'maofesi a za ndalama kwa zaka, sanachitsegulepo. Odita amasankha kuyambira `D2` mpaka `D47`, amadina `F5`, kenako `Special`, n'kusankha `Constants`. Pulogalamu imaunikira maselo okhawo amene mulibe fomula, amene munalembedwa ndi dzanja. M'kolamu imeneyi sayenera kupezeka ndi mmodzi yemwe. Wapezeka `D17`, ndipo mkati mwake muli 300000 yolembedwa.

Mbiri ya selo yotere imakhala yofanana pafupifupi kulikonse. Tsiku lina wina anafuna kukonza nambala mwachangu, kapena anafufuta fomula mwangozi, ndiye analembamo yankho limene linali lolondola tsiku limenelo. Pambuyo pake mlimiyo anabweretsa thumba lina la makilogalamu 50, mlembi anasintha `B17` kuchoka pa 300 kufika pa 350, koma `D17` sinasunthe. Ili ngati wotchi ya pakhoma imene batire lake linatha: ikuonetsabe nthawi, ndipo wolowa m'nyumba sangadziwe kuti inaima liti. Mlimi ameneyu akanalandira K300,000 m'malo mwa K350,000.

Si nambala yolembedwa ndi dzanja iliyonse imene ili ngozi. Ina imaikidwa mwadala ndi munthu wofuna kuti mabuku agwirizane madzulo asanaweruke, ndipo ina imaikidwa ndi wakuba. Fayilo siinena maganizo a munthu. Odita amalemba zimene wapeza, selo yake, kuchuluka kwa ndalama, n'kukafunsa mwini wake. Kufulumira kuloza chala kwawononga maubale m'makalabu ambiri pa zinthu zimene zinali kungoterereka kwa chala pa kiyibodi.

Yatsala K80,000. M'bokosi lomwe lija la `Special` muli `Column differences`, imene imayerekeza selo iliyonse ndi selo imene odita waimapo, monga `D2`, n'kuunikira zonse zimene lamulo lake likusiyana. Ikuunikira `D30`:

```
=B29*C30
```

Fomula ilipo, koma ikuwerenga makilogalamu a mlimi wa pa mzere wapamwamba pake. Wa pa mzere 29 anabweretsa makilogalamu 200, wa pa mzere 30 anabweretsa 280, ndiye wachiwiriyu anachepetsedwa K80,000. Cholakwika chotere chimabwera munthu akalemba fomula podina maselo ndi mawusi n'kuphonya ndi mzere umodzi, kapena akasuntha selo ndi `Cut` m'malo mwa `Copy`, chifukwa mafomula amatsatira selo yosunthidwayo kumene yapita. `Constants` sikanachigwira popeza seloyo si nambala yolembedwa. Maso nawonso sakanachigwira mosavuta pakati pa mizere 46 yooneka mofanana.

Tsopano masamu atsekeka: 1,500,000 ndi 50,000 ndi 80,000 zikupanga 1,630,000, ndipo `F2` ikuti K12,830,000, mogwirizana ndi malisiti a pa sikelo. Odita amadziwa kuti wamaliza pamene kusiyana konse kwafotokozeka mpaka pa tambala. Kuchepa chabe kwa kusiyanako sikokwanira, chifukwa zolakwika ziwiri zikhoza kubisana. Mlimi wina akachulukitsidwira K80,000 ndipo wina n'kuchepetsedwa K80,000 yomweyo, chiwonkhetso chimaoneka chabwino pomwe anthu awiri alipidwa molakwika. N'chifukwa chake kufufuza kolamu selo ndi selo kumachitika ngakhale chiwonkhetso chitagwirizana.

Pali nambala yolembedwa ndi dzanja ya mtundu wachiwiri, yobisala kwambiri, imene imakhala mkati mwa fomula yeniyeni:

```
=E8*1180
```

Kwa pulogalamu iyi ndi fomula yabwinobwino, ndipo `Constants` imaidutsa. Koma 1180 imeneyo ndi mtengo wa dola umene wina anaukhomerera mkati. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, mtengo wa dola n'kuchoka pa ndalama zoposa K1,180 pang'ono kufika pa K1,700. Wamalonda aliyense amene anali ndi mtengo wa dola m'selo imodzi yolembedwa dzina anasintha pamodzi basi. Amene anaukhomerera m'mafomula anayenera kuusaka paliponse, ndipo fomula imodzi yoiwalika inali yokwanira kumugulitsitsa katundu pa mtengo woluza. Zimenezi zimachitikanso ndi msonkho, chiwongoladzanja ndi mitengo ya mafuta. Kuti aipeze, odita amagwiritsa ntchito `Find`, ataonetsetsa kuti pa `Look in` pali `Formulas` ndipo pa `Within` pali `Workbook`, n'kusaka nambala imene akuikayikira. Imene sakuidziwa amaipeza powerenga mafomula atavundukulidwa. Kugawa ndi 12 wa miyezi kapena 100 wa peresenti sikudetsa nkhawa, chifukwa zimenezo sizisintha. Koma fomula yothera ndi `+50000` popanda kufotokoza imafunika mwini wake aifotokoze.

Ogwiritsa ntchito LibreOffice Calc, pulogalamu yaulere, ali ndi njira yachidule yosiyanitsira zinthuzi. `Ctrl` ndi `F8` zimapaka mitundu tsamba lonse: manambala olembedwa amakhala abuluu, mafomula obiriwira, mawu akuda. Selo yabuluu pakati pa zobiriwira imaonekera patali, chimodzimodzinso nambala yakuda pakati pa zabuluu. Mu Excel, kuyambira ya 2013, ndi mu Google Sheets muli `ISFORMULA`, imene imayankha `TRUE` kapena `FALSE`. Ikaikidwa mu `Conditional Formatting` pa kolamu `D` motere, selo iliyonse imene fomula yake yafufutidwa imasintha mtundu nthawi yomweyo:

```
=NOT(ISFORMULA(D2))
```

Nanga timakona tobiriwira timene Excel imaika pa ngodya ya selo ina? Timeneto ndi machenjezo enieni, ndipo ena mwa iwo amanena za matenda omwe takambawa: fomula yosiya maselo oyandikana nayo, fomula yosiyana ndi inzake, nambala yosungidwa ngati mawu. Vuto lake ndi lakuti amaonekanso pa zinthu zosalakwika, moti anthu amatopa nawo n'kudina `Ignore Error` kapena kuwazimitsiratu. Kachenjezo kamene kanazimitsidwa sikabweranso kokha. Odita amalowa mu `Options`, pa `Formulas`, n'kudina `Reset Ignored Errors` kuti onse abwerere. Kusapezeka kwa kachenjezo si umboni woti zonse zili bwino.

Mizere ina siidumphidwa ndi fomula koma ndi maso. Mu Seputembala 2008, banki ya Lehman Brothers itagwa, banki ya Barclays inagula mbali ina ya bizinesi yake. Mndandanda wa makontilakiti oti agulidwe unali mu fayilo ya Excel ya mizere pafupifupi 1,000, ndipo makontilakiti amene Barclays sinkawafuna anabisidwa m'malo mofufutidwa. Ku ofesi ya maloya, wina pokonza fayiloyo kuti isanduke PDF yopita ku khoti anachititsa kuti mizere yobisikayo ionekere. Makontilakiti 179 osafunika analowa m'chikalatacho, ndipo maloya anachita kubwereranso ku khoti kukapempha kuti achotsedwe.

Mzere wobisika umadziwika ndi manambala a m'mbali mwa tsamba: akalumpha kuchoka pa 18 kufika pa 22, pakati pali mizere itatu. Chofunika kudziwa ndi chakuti `SUM` imawerenga mizere yobisika ngati kuti ikuoneka, pomwe `SUBTOTAL` yoyamba ndi 109 imaisiya. Kusiyana kwa ziwirizi kumanena kuchuluka kwa ndalama zimene zabisala:

```
=SUM(D2:D47)-SUBTOTAL(109,D2:D47)
```

Chimodzimodzinso `Filter` yoiwalika ili yoyatsa. Chiwonkhetso chopangidwa ndi `SUBTOTAL` chimangowerenga mizere imene yatsala pa sikirini, ndipo wosindikiza lipoti m'mawa wotsatira sadziwa kuti akuona alimi a m'mudzi umodzi wokha. Odita amachotsa kaye `Filter` yense, amaonetsa mizere, makolamu ndi masamba obisika ndi `Unhide`, asanakhulupirire nambala iliyonse.

Funso lovuta ndi lakuti afufuze ndani. Mwini fayilo ndi amene amavutika kwambiri kuona zolakwika zake, chifukwa maso ake amawerenga zimene ankafuna kulemba. Raymond Panko wa pa yunivesite ya Hawaii, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anapatsa ophunzira sipuredishiti imene anaikamo zolakwika mwadala. Munthu payekha ankapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zolakwikazo, pomwe magulu a anthu atatu ankapeza zoposa 80 peresenti. Ngakhale atatu sanazipeze zonse. Kwa kalabu ya alimi kapena ofesi yaing'ono, zimenezi zikutanthauza kuti fayilo yolipirira anthu iwerengedwe ndi munthu wachiwiri amene sanailembe, ali ndi malisiti m'manja, ndipo chilichonse chimene wasintha achilembe pa tsamba lapadera: selo iti, munali chiyani, muli chiyani tsopano, ndipo chiwonkhetso chasuntha ndi ndalama zingati.

Fayilo ikakonzedwa, ntchito yotsala ndi kuitchinjiriza. Mndandanda wa alimi ukasandutsidwa tebulo ndi `Ctrl` ndi `T`, mzere wolembedwa kunsi kwenikweni kwa womaliza umalowa wokha m'tebulomo, fomula ya kolamu `D` imatsikira pa mzere watsopanowo, ndipo chiwonkhetso cholozera kolamu ya tebuloyo chimakula nayo. Mafomula ofufuzira aja, wa `COUNT` ndi wa `SUMPRODUCT`, sayenera kufufutidwa ntchito ikatha. Amaikidwa pamwamba pa tsamba, pafupi ndi chiwonkhetso, kuti aliyense wotsegula fayilo aone ngati kusiyana kukadali 0. `Protect Sheet` imatseka maselo a mafomula kuti pasapezeke wolembamo nambala, koma ili ndi msampha wake: tebulo la pa tsamba lotsekedwa silikulanso lokha munthu akalemba kunsi kwake. Mlembi ayenera kusankha chimodzi. Pa nthawi yogula, alimi akubwerabe, tebulo likhale lotsegula ndipo mtundu wa `ISFORMULA` uzilondera kolamu ya ndalama. Kugula kukatha ndipo munthu wachiwiri wasaina kuti wafufuza, tsambalo litsekedwe msungichuma asanapite ku banki.